Khutu la Kabwana

Ku ofesi yopereka ziphaso za malonda kuli zidindo ziwiri. Chachikulu, chovomereza, chimagona m'dirowa ya bwana, ndipo bwana akapita kumsonkhano chimagona pamodzi ndi chiyembekezo cha anthu onse a pamzere. Chaching'ono chimangonena kuti pepala lafika. Sichilonjeza kanthu, sichikana kanthu. Chidindo chaching'onochi ndi chimene chinapatsa dzina mayi amene amakhala pawindo lachiwiri, moti masiku ano ngakhale mwamuna wake akafuna kumuseka amamuitana kuti Nachidindo.

Uchiwiri unamuyamba kalekale. Anabadwa wachiwiri, n'kumavala madiresi amene mkulu wake anali atawatopetsa kale. Kusukulu ankakhoza bwino ndithu, koma chaka chilichonse pankapezeka kamtsikana kena kovala magalasi komuposa pang'ono, ndipo mphoto inali imodzi. Ngakhale mwamuna amene anamukwatira, dalaivala wa malole opita kutali, anayamba wafunsira mnzake wa Nachidindo. Atakanidwa ndi pamene anacheuka n'kuona kuti pambali panaimanso munthu. Nachidindo sankadandaula mokweza. Anangophunzira kuyang'ana cham'mbali, kuona chimene mnzake wapatsidwa asanaone chake, ndipo luso limeneli linakula naye limodzi.

Kenako kunabwera mwana wamwamuna, wonenepa, wokwinya nkhope ngati munthu amene wapeza antchito ake akugona. Anamutcha Kabwana. Kwa nthawi yoyamba Nachidindo anakhala woyamba. Pa khadi la kusikelo pali malo amodzi okha olembapo dzina la mayi, ndipo mwana akalira safunsa kuti windo loyamba latsegulidwa kapena ayi.

Koma boma limadziwa bwino kuti mwana amaleka kufuna mayi ake tsiku limene tchuthi chatha. Tchuthi chitatha, Nachidindo anabwerera kuwindo lake, ndipo Kabwana ankatsala ndi azakhali ake, mlongo wamkulu wa dalaivala, amene ankakhala mumdadada womwewo wa nyumba za lendi, khomo lachitatu kuchokera pa la Nachidindo. Azakhaliwa anali telala. Pakhonde pawo panali makina osokera opalasa ndi miyendo, thumba la zidutswa za nsalu, ndi kabotolo ka oyilo ka mlomo wautali. Ana awo anali atakula n'kubalalika. Anali ndi mawu oti akakupatsa moni pakhonde, wogulitsa makala kumsewu amayankha. Analinso ndi chikhulupiriro chimodzi chimene makina anawaphunzitsa: chilichonse cholira chimafuna mafuta. Chitseko, njinga, wilibala, bondo la munthu.

Anamulera bwino mwanayo, ndipo vuto linali lomwelo. Akanakhala osasamala, Nachidindo akanakhala ndi podandaulira. Koma madzulo alionse ankamupeza Kabwana atasamba, atakhuta, atavala kakabudula katsopano kosokedwa ndi zotsalira za yunifolomu ya mwana wa wina. Mawu oyamba amene Kabwana anatchula momveka sanali akuti mama. Anali akuti Kali, kutanthauza azakhali. Azakhali anafotokozera mdadada wonse. Nachidindo anaseka nawo, mano okha, ndipo mawa lake anadinda mapepala mwamphamvu mpaka mnzake wa pawindo loyamba anafunsa ngati tebulo linamulakwira.

Kabwana atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri anadwala chimfine, chija chimayenda khomo ndi khomo nyengo ikasintha. Mamina anayenda sabata yonse, kenako anayamba kuchepa, ndipo aliyense anati zatha.

Madzulo ena Nachidindo akuchokera kuntchito anamupeza mwanayo ali kumsana kwa azakhali, mutu atautsamiritsa pakati pa mapewa awo, iwo akupalasa makina. Anaima chakumanzere kwake n'kuitana ndi kamawu kake kaulemu ka pawindo.

"Kabwana. Kabwana, amama abwera."

Mwanayo sanacheuke. Anangokweza dzanja n'kukoka khutu lake.

"Kabwana!"

Zii. Azakhali anaimitsa makina, anapotoza khosi kumanja n'kukuwa kuti, "Iwe bwana mkubwa, sukuona alendo?" Kabwana anadzutsa mutu nthawi yomweyo.

Alendo. Mawu amenewo anamulowa Nachidindo ngati singano ya makina.

"Alamu, mwanayu khutu likumuvuta," anatero azakhali akumasula mbereko. "Kuyambira m'mawa akungolikoka lakumanzereli. Phala wadya masipuni awiri basi. Ndikamugoneka pamphasa akulira ngati ndamugoneka pamoto, ndikamubereka akukhala chete. Tamugwirani, thupi latentha."

"Ndi mano," anatero Nachidindo.

"Mano a m'khutu?"

"Ana akamamera mano amakoka makutu, alamu. Zinalembedwa."

"Kaya, ife sukulu tinaisiyira panjira. Koma ine ndikuti ndi khutu."

Zoti ana ena amakoka makutu popanda matenda ndi zoona. Koma Nachidindo sanakane chifukwa cha zimene anawerenga. Anakana chifukwa azakhali ndi amene anayamba kunena. Likanakhala khutu, ndiye kuti munthu wa khomo lachitatu wadziwa za m'thupi mwa mwana wake iye asanadziwe, ndipo zimenezo sakanazidinda n'komwe.

Kunyumba anamugoneka pabedi. Kabwana anakuwa, n'kudzipinda. Anamunyamula, analeka pang'ono. Anamugonekanso, anakuwanso. Anamupatsa nthochi, chinthu chimene ankachikonda kuposa anthu, koma anangoluma kamodzi, kumeza, n'kulira ngati nthochiyo yamuluma iye. Munthu wa mtima wodekha akanaona kuti mwanayu akumva kuwawa akagona chogona ndiponso akamameza. Nachidindo anaona zina. Anaona mwana amene wazolowera msana wa wina, amene akukana bedi la mayi ake, chakudya cha mayi ake, ndi mawu a mayi ake. Umboni unali wokwanira, ndipo wonse unkaloza khomo limodzi.

Thupi linali lotenthadi, choncho anamupatsa panado wa ana wamadzi, pa mlingo umene anamuuza kusikelo ulendo wathawo. Patapita kanthawi Kabwana anafatsa n'kugona chotsamira pachifuwa pake. Nachidindo anati mumtima, mwaonatu, mako ndi mako. Panado sanamuthokoze.

M'mawa dalaivala anaimba foni ali kumalire a dziko lina, kumene lole yake inkadikira chidindo cha munthu wina.

"Achemwali akuti mwana khutu likumupweteka."

"Ndiye mwayamba kuimbira achemwali anu musanandiimbire ine?"

"Iwo ndi amene anandiimbira. Iwe tangowamvera, analera ana anayi amene aja."

"Ine ndalera angati?"

"Nachidindo, sindinanene choncho."

"Mukabwera mudzafikire komweko. Akusokereni ndi bulangeti lomwe."

Anamusiya Kabwana pakhonde la azakhali popanda mawu ambiri, n'kupita kuntchito. Kumeneko mnzake wa pawindo loyamba, mayi wodziwa zonse amene ana ake amaleredwa ndi wantchito, anamutonthoza mwa njira yake. "Ana ndi ngati amphaka, mnzanga. Amadziwa mbale, sadziwa mwini nyumba."

Tsiku limenelo bwana anapita kumsonkhano wokambirana za kuchepetsa misonkhano. Chidindo chachikulu chinatsekeredwa, anthu a pamzere anauzidwa kuti abwere mawa, ndipo dzuwa lili paliwombo Nachidindo anaona kuti palibe amene angazindikire ngati windo lachiwiri litatsekedwanso. Sanadziuze kuti akudera nkhawa mwana. Anadziuza kuti akufuna akaone zimene zimachitika pakhonde paja iye kulibe.

Anamva kulira asanakhote pangodya. Atafika anapeza azakhali atakhala pampando, Kabwana atamugoneka cham'mbali pamiyendo pawo, khutu lakumanzere lili m'mwamba. M'dzanja anali ndi kabotolo ka mlomo wautali kaja.

"Alamu! Mukutani?"

"Musaope, ndakatsuka ndi sopo. Si oyilo wa makina uyu, ndi mafuta ophikira, ndawafunditsa pang'ono. Madontho awiri okha, khutu lifewe."

"Mwana wanga si makina anu!"

"Nanga ndizingomuonerera akulira? Inu mwapita kukadinda mapepala, wotsala ndi misoziyi ndine."

"Ndani anakupatsani chilolezo?"

"Chilolezo?" Azakhali anaseka, koma maso sanaseke. "Ndikalembe kalata kuofesi kwanu? Mudzandiuze kuti ndibwere mawa?"

Anthu a m'mdadada anayamba kupeza zochita pamakomo awo. Wina anatulutsa tsache n'kumasesa pamalo posesa kale.

Nachidindo anamukwatula mwanayo dontho lisanagwe. Pa moyo wake wonse sanachitepo chinthu cholondola chotere pa chifukwa cholakwika chotere. Za mafuta sankadziwa kanthu. Akanakhala iye ndiye woyamba kuwaganizira, bwenzi atathira supuni yonse.

"Mutengeni," anatero azakhali. "Ndi wanu. Ine ndinangobwereka."

Nachidindo analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Kabwana anali wotentha ngati mbaula, akulira kulira kosasa mawu. Anamuika paphewa, tsaya lake lakumanzere litatsamira pabulauzi yoyera ya kuntchito, n'kumayenda naye kuchoka kukhomo kufika kuwindo, kuchoka kuwindo kufika kukhomo. Anaimba nyimbo zonse zimene ankadziwa. Anamulonjeza mpira. Anamulonjeza galimoto. Mwanayo anakuwa kamodzi kwambiri, thupi lonse gwa, kenako kulira kunayamba kutsika. Kunasanduka kusisima. Kusisima kunasanduka mpweya wa tulo. Kadzanja kanagwira kolala ya bulauzi n'kukhala pomwepo.

Chimwemwe chimene Nachidindo anamva sichinali cha mayi yekha ayi. Chinali cha munthu amene wapambana mlandu. Popanda mafuta, popanda mbereko, popanda mawu a bingu, mwana wagona m'manja mwa mwini wake. Chigonjetso chotere sichisungidwa m'nyumba. Anatsegula chitseko, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati akupita kumpope, njira yake n'kudutsa ndendende pakhonde lachitatu.

"Wagonatu," anatero, osayang'ana munthu. "Amangofuna amake."

Azakhali anakweza maso pamakina. Anayang'ana mwana, kenako anayang'anitsitsa bulauzi. Mwendo unaleka kupalasa.

"Alamu, taonani paphewa panu."

"Ndi dovu."

"Dovu silikhala lachikasu."

Nachidindo anasuntha mutu wa mwanayo pang'ono. Pansalu yoyera panali banga lonyowa, lachikasu, lokhala ndi kamzere ka magazi. M'khutu la Kabwana munkatuluka mafinya, akutsetsereka kulowera m'khosi. Zonse za masiku awiriwo zinabwerera m'mutu mwa Nachidindo zitavala nkhope ina: kusacheuka kuja, kukana bedi kuja, nthochi ija.

"Mayo, ndamugonthetsa mwana," anatero ndi mawu ang'ono.

Azakhali sananene kuti ndinanena. Kusanena kwawoko kunamveka mdadada wonse. Anangovundikira makina ndi nsalu, kuvala nsapato, n'kuti, "Tengani khadi lake. Tiyeni."

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo kunali mabenchi atatu ndi chikwangwani chonena kuti odwala kwambiri aonedwe msanga, chopachikidwa pamalo pamene odwala kwambiri sangachione. Mlembi wa pakhomo anatenga khadi osakweza mutu.

"Mayi wa mwana ndani?"

"Ndine," anatero Nachidindo mofulumira, ngati wina akufuna kumulanda.

"Nanga awa?"

"Ndi ondiperekeza."

Azakhali anatsokomola.

Atamuyeza Kabwana pasikelo ndi kumupima kutentha kwa thupi, anadikira pabenchi. Kwa nthawi yoyamba Nachidindo anaona windo kuchokera kunja kwake, ndipo sanalikonde. Atalowa anapeza dokotala wamkazi wa tsitsi loyamba imvi, wooneka kuti waona makutu ambiri kuposa nkhope.

"Wayamba liti kukoka khutu?"

Nachidindo anatsegula pakamwa. Azakhali anayankha. "Dzulo m'mawa."

"Anadwala chimfine posachedwa?"

"Sabata yathayi," anatero azakhali.

"Akumwa? Akusanza? Anakomokapo?"

"Madzi akumwa, tiyi akumwa. Kusanza ayi. Kukomoka ayi."

Dokotala anayang'ana azakhali. "Amayi, mafinyawa ayamba liti?"

"Amayi ndi ine," anatero Nachidindo. "Ayamba lero masana. Paphewa panga." Analoza banga lija ngati satifiketi. Linali funso lokhalo limene iye yekha akanatha kuyankha, ndipo analigwiritsitsa.

"Aka n'koyamba kutuluka mafinya?"

"Koyamba," anayankha onse awiri pamodzi, kenako anayang'anana moipidwa.

Dokotala anauza Nachidindo kuti amukhazike mwanayo pamiyendo, dzanja limodzi ligwire mutu pachifuwa, lina ligwire manja. Anayamba wapapasa fupa la kuseri kwa khutu, akuyang'ana nkhope ya Kabwana. Anamuweramitsa khosi, anamvetsera chifuwa, anaona kukhosi. Kenako anatenga katochi ka mlomo wosongoka n'kusuzumira m'khutu lakumanja, n'kubwera kulakumanzere atalipukuta. Kabwana anadandaula mwaulemu wa bwana. Chifukwa cha kutentha thupi dokotala anamutumizanso kukabayidwa chala, ndipo malungo sanapezeke.

"Ndi matenda a m'kati mwa khutu," anatero dokotala atabwerera. "Kuchokera kuseri kwa mphuno kuli kanjira kopita kukhutu. Mwa ana n'kakafupi, ndipo chimfine chimakatseka. Madzi amadzaza kuseri kwa kachikopa kopyapyala kamene timamvera, n'kusanduka mafinya. Akagona pansi kapena akamameza, ululu umakula. N'chifukwa chake amafuna kuberekedwa."

Nachidindo anayang'ana azakhali cham'mbali. Msana wotchuka uja unali mtsamiro chabe. Kamtima kake kanadumpha pang'ono, ndipo anachita manyazi ndi kudumphako.

"Nanga bwanji anagona atafika kwa ine?" anafunsa.

"Kachikopa kanabooka, mafinya anatuluka, kupweteka kunachepa. Akanagona ngakhale m'manja mwa wapolisi."

Azakhali anayang'ana kudenga.

"Ndiye wagontha?"

"Ayi. Pakali pano khutu limenelo likumva ngati munthu ali pansi pa madzi. Kabowoko kawirikawiri kamatsekeka kokha, ndipo kumva kumabwerera pakapita masabata angapo, ngati mulisamala. Loopsa ndi khutu limene lasiyidwa likutuluka mafinya mpaka kalekale. Mwathiramo chilichonse?"

Nachidindo anali ngati wagwira mpeni m'manja, ndipo anaumva kulemera kwake kokoma. Mawu amodzi okha akanakwana. Azakhali anawongola khosi.

"Ine ndimafuna kuthiramo mafuta ophikira. Alamu anandiletsa."

"Anachita bwino. Mafuta, mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, mankhwala a m'maso otsala, zonsezo ayi. Inu simungaone ngati kachikopa kabooka kapena ayi, ndipo chimene mwathira chimalowa m'kati. Koma amene anazindikira kuti ndi khutu anachitanso bwino. Chimene munalakwa nonse n'kusabwera dzulo."

Mphoto inagawidwa pakati, ndipo palibe amene anakondwa nayo.

Dokotala analemba amokisilini wa ana, pa mlingo wogwirizana ndi sikelo ya Kabwana, m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu. Anati makutu ena amapola okha ndi panado yekha, koma la mwana wamng'ono chonchi, lotuluka mafinya, limafuna mankhwala, ndipo amalize onse ngakhale ataoneka kuti wachira. Panado apitirize akamva ululu kapena thupi likatentha. Asipirini ayi. Posamba madzi asalowe m'khutu. Kenako anatenga kansalu kofewa koyera, anakapota ngati chingwe cha nyali, n'kukalowetsa pang'ono pakhomo pa khutu. Katanyowa anakatulutsa, n'kupota kena.

"Muzitero mpaka kansalu katuluke kouma, katatu pa tsiku. Osakulunga thonje pamtengo wa machesi, osatokosa, osasiya chotsekera m'khutu. Mankhwala akatha mubwere ndidzalionenso. Koma kuseri kwa khutuku kukatupa kapena kukayamba kuwawa, akakana kumwa, akamasanza chilichonse, khosi likauma, akamangogona osadzutsika, akakomoka, kapena thupi likapitiriza kutentha masiku awiri ali pa mankhwala, musadikire tsiku langa. Muthamange."

Katatu pa tsiku. Nachidindo anawerengera ali m'njira. M'mawa ndi wake. Madzulo ndi wake. Masana anali a windo lachiwiri.

M'mawa mwake anapita kukapempha tchuthi, mwana ali kumsana. Anauzidwa kuti tchuthi chodwazika mwana chilipo ndithu, boma si chilombo, koma pempho liyenera kuperekedwa sabata imodzi mwana asanadwale. Pempho ladzidzidzi limafuna chidindo chachikulu. Chidindo chachikulu chinali m'dirowa, ndipo kiyi wa dirowa anali m'thumba la bwana, amene msonkhano wake unawonjezeredwa masiku chifukwa nkhani yochepetsa misonkhano inakula. Nachidindo analemba pempho lake, analipereka pawindo lachiwiri, analilandira yekha, n'kulidinda kuti lafika.

Choncho anagogoda pa khomo lachitatu, mwana ali m'manja.

"Alamu, masana muzimupukuta khutu. Ndikuonetseni mmene anachitira adokotala."

"Ndinaliko, alamu."

"Ndikuonetsenibe."

Anapota kansalu kake. Kanatuluka konenepa kumutu, kopindika pakati, ngati mbozi yodwala. Azakhali anakayang'ana mwachifundo, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini chotsekera bwino. M'kati munali tinsalu tofewa toyera, todulidwa mofanana, tochapidwa, toumitsidwa padzuwa, tositidwa. Anasamba m'manja, anatenga kamodzi, anakapota pakati pa zala ziwiri kamodzi kokha, ndipo kanatuluka kowongoka, kosongoka bwino, kokongola kuposa ka dokotala. Kabwana anapendeketsa mutu yekha.

"Tengani theka, muzikagwiritsa ntchito kwanu," anatero azakhali.

Nachidindo anatenga. Anayang'ana pamakina n'kuona kuti kabotolo ka mlomo wautali kabwerera pamalo pake, kali ndi oyilo wake wa makina.

"Mankhwala akumwa ndizimupatsa ndekha," anatero.

"Palibe akulimbirana nanu. Amalavula."

Ankalavuladi. Masiku asanu amenewo Nachidindo anamenya nkhondo ya supuni m'mawa ndi madzulo, ndipo Kabwana anaphunzira kuti munthu wobwera ndi zowawa ndi amama, wobwera ndi kansalu kofewa ndi Kali. Thupi linazizira tsiku lachiwiri. Mafinya anachepa, kenako anauma. Atabwerera kuchipatala dokotala anasuzumira n'kunena kuti kabowo kayamba kutsekeka, koma kumva kudikire nthawi yake, ndipo mwezi ukatha mwana akadali wosamva bwino abwere naye.

Kudikira kumeneko ndi kumene kunamudya Nachidindo. Anasanduka wofufuza. Ankagwetsa supuni kumbuyo kwa mwana. Ankakhwinyata pepala la bisiketi chakumanzere kwake. Tsiku lina Kabwana ankacheuka, tsiku lina ayi, ndipo iye sankadziwa ngati ndi khutu kapena ndi ubwana. Kuofesi, munthu wina wokalamba atamupempha kuti abwereze zimene wanena, anabwereza mofatsa mpaka mnzake wa pawindo loyamba anamuyang'ana modabwa. Pempho lake la tchuthi linavomerezedwa patapita milungu itatu, ndi chidindo chachikulu, chooneka bwino.

Madzulo ena, mwezi usanathe, anafika pangodya ya mdadada n'kuima. Makina sankalira. Azakhali anali atakhala pamkeka akusokerera mabatani pamalaya, ndipo Kabwana anali atawatsamira, atafulatira msewu, akusanja tizitsulo ta ulusi pamwendo pawo. Khutu lakumanzere linali kumbali ya Nachidindo. Anavula nsapato kuti zisamuulule, anayandikira mpaka pa chingwe choyanikira zovala, n'kunong'ona motsitsa kwambiri, moti iye mwini sanadzimve bwino.

"Kabwana."

Mutu unatembenuka nthawi yomweyo. Maso anamupeza. Kabwana anamwetulira mano onse, anakweza kachitsulo ka ulusi kumuonetsa, n'kunena momveka bwino kuti, "Mama."

Nachidindo anagwada, nsapato zili m'manja, n'kutambasula mikono. "Bwera. Bwera kwa amama."

Kabwana anaganizira pempholo mofatsa, monga amachitira mabwana. Kenako anatembenuka, anakwera pamiyendo ya azakhali, n'kupitiriza ntchito yake.

"Wamvatu," anatero azakhali, ulusi uli pakamwa.

"Wamva," anatero Nachidindo. Misozi inali itayamba kale, ndipo sanadziwe kuti ndi ya mbali iti. "Kubwera wakana, koma wamva."

"Mubwere mawa," anatero azakhali.

Nachidindo anakhala pamphepete pa mkeka, chakumanzere kwa mwanayo, kumene tsopano mawu ake ankafika. Anayang'ana cham'mbali kakabudula katsopano kamene Kabwana anavala, kabuluu, ka matumba awiri, n'kuyamba kufunafuna pamene msoko unakhota. Sanapapeze.